Mtsuko Tauboola

Leicester, 9 Sepitembala 2003

Okondedwa achimwene a Kefasi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Rozi ndi ana. Ine ndilipo. Ntchito ndi yomwe ija yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba, koma mtima suli m'malo.

Masiku amene anandidindira m'pasipoti anatha kalekale. Ndinapempha boma lakuno kuti lisandibweze, ndipo ndinawauza zoona zokhazokha: kuti mwamuna wanga Aleck atamwalira, abale ake a kumudzi kwa Zulu ananena kuti ndinamudya ndine kuti fodya wathu azichita bwino, ndiponso kuti ndikadzapondako adzandiwotcha. A bomawo akuti pakamwa pokha sipakwanira, akufuna umboni. Umboni wanga ndi kaseti ija munajambula tsiku lovundukula chiliza cha Aleck. Inu munkajambula kwaya yanu, koma kaseti inapitirira kuzungulira pamene amayi a m'mudzimo anayamba nyimbo yawo pakhomo pa nyumba imene ndinadzitsekeramo. Mawu ake ndi awa, mmodzi kutsogolera, ena kuvomera:

Nansongole wamera,
wamera kwa achimwene.
Khasu iye sakumva,
amamva moto wokha.
Mapesi tawunjika,
tidikira chilimwe.
Mtsuko tauboola,
madzi sadzatunganso.

Womasulira amene anamupeza kuno anakulira ku Lusaka. Atamvera anangoti ndi nyimbo yolimira. Loya wanga, Mayi Collins, akuti kumasulira kwa ine mwini mlandu sikungawerengedwe, pakufunika munthu amene analipo. Inu munalipo, Chingerezi mwaphunzitsa zaka makumi awiri, nyimbo ndiye chakudya chanu. Chonde imasulireni, mutumize pa fakisi kwa loyayo pasanafike pa 10 Okutobala. Nambala ndalemba kuseriku.

Ndine mlongo wanu,
Anastazia

Kamwendo, 6 Okutobala 2003

Anasi mlongo wanga,

Tonse tili bwino. Alamu ako akupereka moni. Kalata yako inayenda ngati ya pangolo, inafika patatsala masiku asanu ndi anayi okha, koma usadandaule. Ntchito ndagwira, ndipo dzulo ndinakwera minibasi kupita ku Boma kukaitumiza pa fakisi ya m'sitolo ya a Saidu.

Usaganize kuti kumasulira nyimbo ndi kusamutsa njerwa. Mzere uliwonse wa nyimboyi uli ndi maphatikizo asanu ndi awiri. Werenga ndi zala: ma-pe-si ta-wu-nji-ka. Ngakhale wachiwiri uja, amayi amameza a mmodzi n'kuimba kuti kwachimwene, n'kukwana. Ndiye Chingerezi nacho chinayenera kukwana asanu ndi awiri, apo ayi nyimbo imatsimphina. Nansongole yekha akudya malo anayi, ndipo dzina lake la m'mabuku palibe mzungu wamba amene angalidziwe, choncho ndinaika weeds, kunena kuti udzu wa m'munda, phatikizo limodzi basi.

China, mawu athu amathera kukamwa kuli yasa, n'chifukwa chake ovomera amatha kukoka mawu mpaka mpweya kutha. Achingerezi ambiri amathera kukamwa kuli kotseka. Ndinasakasaka othera poyera monga grow ndi row, straw ndi draw, amenenso amagwirizana kamvekedwe kumapeto, pakuti kwa azungu nyimbo yosagwirizana kumapeto ndi ya ana asukulu.

Pamene panandivuta ndi pa mtsuko. Liwu limodzi loti tauboola, m'Chingerezi limafuna mawu asanu ndi awiri, we have made a hole in it, mzere wonse kutha mtsuko usanalowe n'komwe. Ndinazungulira pang'ono. Koma ndinayesa nyimbo yonse pogogoda tebulo, ndipo ikuimbika kuyambira pamwamba mpaka pansi osapunthwa. Azunguwo aona kuti kwathu kuno kulinso anthu ophunzira.

Mvula ikuoneka ngati ifulumira chaka chino. Undidziwitse zotsatira.

Mlongo wako,
Kefasi

Leicester, 14 Novembala 2003

Achimwene,

Moni ndikupereka chifukwa munandilera ndinu. Andikana.

Pepala lanu linapita kwa loya ine osaliona, iye n'kulipereka poopa kuchedwa. Ndaliona dzana, litamatidwa kukalata yondikanayo. Lekani ndikubwezereni m'Chichewa zimene munalemba, mumve ndi makutu a mzungu amene sanapondepo nansongole:

Udzu ukumera m'munda,
m'munda wa m'bale wanga ukumera.
Khasu sukuligonjera,
moto udzayeretsa mzere ndi mzere.
Tasonkhanitsa mapesi,
tikudikira dzuwa la chilimwe.
Mumtsuko sititunganso,
pakuti ntchito ya lero yatha.

Mkulu woona za mlandu wanga analemba kuti iyi ndi nyimbo yokoma ya alimi oweruka kumunda, ndipo munthu amene akuopa nyimbo yotere akungofuna pobisala. Ndiye ndasanduka wabodza, umboni wake n'kukhala wa mlongo wanga.

Ine ndili kuti m'nyimbo yanuyi? Amayi aja anaimba za nansongole mmodzi, inu mwadzaza munda wonse ndi udzu. Anati amamva moto wokha, inu mwati moto woyeretsa. Anati tauboola, kutanthauza kuti alipo anagwira msomali, inu mwangoti sititunganso, ngati mtsuko watha madzi wokha. Ndani anakuuzani kuti kukhoti kuno kuli kwaya?

Tachita apilo. Tidzaonekera pamaso pa woweruza pa 19 Febuluwale. Ndikadzalephera apo, ndi ndege basi. Mayi Collins akuti mulembenso motere. Pepala mulilembe mizere itatu yotsika. Koyamba mawu a Chichewa monga akumvekera pa kaseti. Pakati Chingerezi cha liwu ndi liwu, chitsimphine mmene chingatsimphinire. Kumapeto mufotokoze chimene fanizo lililonse limatanthauza kwa munthu wa kwathu. Pansi pake mulembe tsiku, malo, amene anatsogolera nyimbo, ndi kumene anayang'ana poimba. Kenako mukalumbire ku Boma, adinde chidindo pa dzina lanu.

Pali china chimene ndakhala nacho pammero zaka ziwiri. Chitseko chinali chotseka tsiku lija, koma makutu anga sanali otseka. Mawu otsogolera nyimbo aja ndimawadziwa. Ndi a alamu a Rozi, akazi anu. Aleck anali mchimwene wawo, ndipo ndinkati chisoni chimalankhulitsa zambiri. Kwa loya sindinatchule dzina, poteteza banja lanu. Tsopano ndiuzeni zoona: munasalaza nyimboyi chifukwa cha maphatikizo, kapena chifukwa cha iwo?

Anastazia

Leicester, 5 Januwale 2004

Achimwene,

Muli bwanji? Khirisimasi yadutsa, chaka chalowa, kwa inu kuli zii. Ngati ndinakulakwirani pakalata ija, ndikhululukireni, koma musandilange ndi kukhala chete.

Lachiwiri lililonse ndimakasayina ku ofesi kuti aone kuti sindinathawe. Sabata yatha ndinapita ndi Maria, mnzanga wa ku Dedza amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Ine ndinatuluka, iye sanatuluke. Zovala zake zikadali pachingwe mpaka lero. Masiku ano ndikamapita kumeneko ndimavala madiresi awiri, mswachi uli m'thumba.

Maria kwawo akamulandira ndi nthungululu. Ine mukudziwa chimene chikundidikira. Atsala masabata asanu ndi limodzi.

Anasi

Kamwendo, 12 Januwale 2004

Anasi,

Tili moyo. Kalata yako ya Novembala inafika bwinobwino, positi isanamiziridwe. Ndinaiika m'buku la nyimbo, ndipo Lamulungu lililonse ndakhala ndikuimbitsa kwaya ili m'manja mwanga.

Wafunsa zoona. Zonse zimene ndinakuuza za maphatikizo n'zoona, koma ndinakondwa kuti zinali zoona. Paliponse pamene kayimbidwe kanandipatsa njira ziwiri, ndinasankha yozizira. Ndinkadziuza kuti ndikusunga nyimbo. Ndinkasunga khungu langa.

Uyenera kudziwa mmene zilili kuno. Mphekesera yoti mwina akubweza inafika kale kwa Zulu, sindikudziwa kuti inadzera kuti. Pa maliro a mwezi watha amalume a Aleck anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tamva kuti mlendo wathu akubwera. Tikonza." Dzinja lino ana awiri amwalira m'mudzi muja, ndipo dzina lako likutchulidwanso, ngakhale uli kutsidya kwa nyanja. Ndikakalumbira ku Boma, pepala lidzadutsa m'manja mwa anthu, ndipo khoma lili ndi makutu. Nyumba yangayi ndi yofolera ndi udzu, Anasi.

Komabe ndalemba. Chingerezi chake n'chonyansa, mwana wa sitandade 5 angandiseke, koma mzere wachitatu uja, wa matanthauzo, ndadzaza motere.

Nansongole: si udzu uliwonse. Ndi udzu wobaya mapazi, umene mizu yake imayenda pansi pa nthaka, ukadula pano umatulukira apo. M'nyimbo akunena mmodzi, ndipo wamera kwa achimwene, osati kwawo. Ndiye kuti ndi mkazi wobwera, amene akumuganizira kuti amapweteka anthu mobisa.

Khasu sakumva: khasu ndi njira ya masiku onse, kukambirana, ankhoswe, bwalo. Akunena kuti izi zalephera ndipo sadzayesanso.

Moto wokha: apa ndalemba kuti si fanizo. Moto ndi moto.

Mapesi tawunjika: mlimi wa fodya asanafese pa nazale amawunjika mapesi pa bedi n'kuwotcha, kuti chilichonse chamoyo chimene chili m'nthakamo chife. Mapesi sawunjikidwa mwangozi. Akutanthauza kuti anagwirizana kale ndipo zipangizo zilipo.

Tidikira chilimwe: moto sugwira zinthu zili zaziwisi. Tsiku lija panali ansembe, kwaya ndi alendo. Akunena kuti sakufulumira.

Ndaonjezanso kuti kayimbidwe kake ndi kansangala, ka m'manja ndi nthungululu, ndipo mlendo asanamizike nako, chifukwa kwathu mawu olemera amanyamulidwa ndi nyimbo yopepuka.

Pa mtsuko ndalemba kuti mkaziyo sadzakhalanso pabanjapo. Ndikudziwa kuti si zonse, koma cholembera chikukana. Pa dzina la wotsogolera ndasiya mpata. Ndi mayi wa ana anga asanu, ndimadya za m'manja mwake. Sindinapitebe kukalumbira. Undipatse masiku.

Kefasi

Kamwendo, 26 Januwale 2004

Alamu,

Ndine Rozi. Moni sindikudziwa ngati mungaulandire, koma ndapereka. Zolemba zanga n'zokhotakhota, mupirire nazo.

Makalata anu ndawapeza m'buku la nyimbo la abambo a kunyumba kuno, pamodzi ndi pepala lawo lija. Ndawakhazika pansi kuti andiwerengere Chingerezicho m'Chichewa, mzere ndi mzere. Zambiri alondola. Pa mtsuko anama.

Mkazi wothamangitsidwa pabanja amanyamula mtsuko wake n'kumapita nawo kwawo. Mtsuko umabooledwa mwini wake akafa. Timauboola kuti wina asadzautole, n'kukauika pamanda pake. Ife tinaboola wanu muli moyo. Si nyimbo chabe. Ndinalowa m'khitchini mwanu ndine, ndinatenga uja wa mizere iwiri m'khosi munagula ku msika wa pa Kamwendo, ndinauboola ndi msomali wa chigafa. Tinakauika kumanda, pafupi ndi achimwene a Aleck, pamalo posakumba. Ulipo mpaka lero.

Nyimboyo ndinapeka ndine, ndikusinja chimanga cha pa mwambowo. Mtima unali utatupa. Achimwene anatha tikuwaona, munthu wonenepa uja kusanduka kamwana konyamula m'manja, inu muli bwinobwino, fodya ali mbwee m'chigafa. Matenda aja tonse tinkawadziwa dzina, koma panalibe wofuna kulitchula. Dzina lanu ndi limene linali losavuta.

Ine ndinkati tiimba, mtima uphwa, zitha. Koma nyimbo inakoma, alamu, ndiye vuto lake. Mwezi watha ndinaimva kumaliro akuimba anthu ena, ena mwa iwo amuna, ine osatsegula pakamwa. Sankaimba ngati olira.

Ndawauza abambo kuti afufute zawozo alembe zimene ndanenazi. Anati Chingerezi chake chitalika, mzere umodzi wa nyimbo udya theka la pepala. Ndati lidye. Pa mpata paja ndawauza alembe Rozi, ndipo Lachinayi tinapita tonse ku Boma, ndinadinda chala changa pansi pa dzina lawo. Pepala lapita pa fakisi, lenilenilo likubwera pa positi.

Akwathu akamva sindikudziwa kuti zidzatha bwanji. Ndikuopa. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikungoti musabwere, alamu. Kaya akupatseni tikiti yaulere, musabwere.

Rozi

Leicester, 20 Epulo 2004

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwinoko. Kalata yanu ya Malichi ndinalandira, yonena kuti alamu a Rozi mwawaperekeza kwa mnzawo ku Chipata kufikira zinthu zitazizira, ndiponso kuti inu ndi ana mukugona m'nyumba ya pasukulu. Ndinawerenga nditaimirira, ndinamaliza nditakhala pansi.

Chigamulo chafika dzulo. Andilola kukhala.

Tsiku la mlandu woweruza anaika mapepala anu awiri patebulo, loimbika ndi lotsimphina. Analamula kuti kaseti ilire. M'chipinda monse munadzaza m'manja ndi nthungululu za kwa Zulu, ndipo ndinaona kalaliki akugwedeza phazi pansi pa tebulo. Kenako woweruza anawerenga mokweza theka la pepala lija la mtsuko, pang'onopang'ono, mpaka pa msomali. Phazi lija linaleka. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti mtsuko wanga unali ndi mizere ingati m'khosi.

Anthu akuno akuti ndisangalale. Mayi Collins anandikumbatira. Koma pepala limene andipatsa ndi la munthu amene kwawo sangapiteko, ndipo ndalipeza pothamangitsa alamu pakhomo pawo. Mukawalembera muwauze kuti moni wawo uja ndinaulandira.

Pepala lanu loyamba sindinataye. Linagwa m'chikwama ndili kuntchito, ndipo gogo wina amene ndimamusambitsa, yemwe kale ankaimba m'tchalitchi, analitola n'kundipempha kuti ndimuphunzitse kayimbidwe kake. Ndinalephera kukana. Munanena zoona, achimwene, ikuimbikadi osapunthwa. Tsopano m'mawa uliwonse amandiimbira ndikumupesa tsitsi, n'kumati kwanu kuyenera kuti n'kwamtendere.

Ndili ndi pempho limodzi. Zinthu zikadzazizira, tsiku lolambula kumanda likadzafika, mukapezeke. Mtsuko wangawo musauchotse. Mukaupeza utagwa, muudzutse, muuike bwino pafupi ndi Aleck. Ine kumeneko sindidzagonako.

Mlongo wanu,
Anasi